Walipira ndani, watsalira ndani? Kaundula wa lendi pa sipuredishiti

Mwini nyumba imodzi savutika kukumbukira kuti lendi yalowa kapena ayi. Mutu umayamba kuzungulira nyumba zikafika zinayi kapena zisanu, ina ku Area 25, ziwiri pa puloti imodzi ku Kawale, inanso ku Mchesi. Wina amalipira pa 1, wina pa 5, wina amadikira malipiro ake a pa 27. Wina amatumiza pa Airtel Money, wina pa Mpamba, wina amabweretsa pamanja madzulo n'kusiyira mwana amene wamupeza pakhomo. Ndipo ambiri salipira ndalama yonse nthawi imodzi. Lero apereka theka, pakatha milungu iwiri awonjezera pang'ono, mwezi wina n'kulowa asanamalize wakale.

Eni nyumba ambiri ali nalo kope la hadikava limene analemba mayina kumanzere ndi miyezi pamwamba, n'kumachonga mwezi umene munthu walipira. Ena akasamukira pa kompyuta amajambulanso zomwezo mu Excel. Njira imeneyi imayenda bwinobwino pamene aliyense akulipira ndalama yathunthu pa tsiku lake, koma imasokonekera tsiku limene wochita lendi ya K60,000 wabwera ndi K25,000. Kodi ndalamayo ichongedwe pa Meyi amene sanathe, kapena pa Juni amene wangoyamba? Pakatha miyezi itatu palibe amene amakumbukira, ndipo mpamene pamabuka mawu aja akuti, "Koma amayi, ndinakupatsanitu sabata ija."

Sipuredishiti yabwino ya lendi sichonga miyezi. Imasunga zinthu ziwiri mosiyanitsa: ndalama zimene nyumba iliyonse ikuyenera kubweretsa, ndi ndalama zimene zalowadi. Ngongole silembedwa ndi dzanja. Imatuluka yokha pochotsera chachiwiri pa choyamba.

Masamba awiri okha

Ntchitoyi imatheka mu Microsoft Excel kapena mu Google Sheets, yomwe ndi yaulere kwa aliyense amene ali ndi akaunti ya Google ndipo imatseguka ngakhale pa foni. Kumanga koyamba kumaphweka pa kompyuta, koma kulemba malipiro a tsiku ndi tsiku foni imakwanira. Pa sikirini pamaoneka timabokosi tambirimbiri. Mizere yotsika ili ndi zilembo A, B, C, ndipo yopingasa ili ndi manambala, kotero kabokosi kalikonse kali ndi dzina lake, monga C2, kutanthauza mzere wotsika C pamene wakumana ndi mzere wopingasa wachiwiri.

Tsamba loyamba lipatsidwe dzina lakuti Malipiro. Ili ndi limene limalandira ndalama iliyonse yolowa, ndipo lamulo lake ndi limodzi: ndalama ikalowa kamodzi, mzere umodzi. Mitu yake ndi isanu yokha pa mzere woyamba. A ndi tsiku, B ndi nambala ya nyumba, C ndi ndalama, D ndi njira imene yabwerera, ndipo E ndi nambala ya lisiti kapena nambala imene imabwera mu uthenga wa Airtel Money, Mpamba kapena banki. Munthu akalipira katatu mwezi umodzi, mizere ikhala itatu. Palibe kubwerera kukafufuta nambala yakale n'kuikapo ina.

Tsamba lachiwiri ndi Nyumba, ndipo muli mzere umodzi wa nyumba iliyonse. Pano munthu amalemba ndi dzanja zinthu zinayi zokha: mu A nambala ya nyumba, mu B malo ndi dzina la wokhalamo, mu C lendi ya pamwezi, mu D tsiku limene lendi yoyamba inayenera kulipidwa. Timabokosi totsatira, kuyambira E mpaka J, ndi ta mafomula.

Nambala ya nyumba ikhale yaifupi, monga N1, N2, N3, chifukwa ndi imene imalumikiza masamba awiriwa. Dzina la munthu silingagwire ntchito imeneyi. Lero lilembedwa ndi chilembo china, mawa lilembedwa la mkazi wake amene watumiza ndalama pa foni yake, ndipo kompyuta idzaona anthu awiri osiyana.

Nyumba zitatu pa 20 Juni

Chitsanzo chongoyerekeza chionetsa bwino mmene mawerengedwe amayendera. Mayi wina ali ndi nyumba zitatu, ndipo lero ndi pa 20 Juni 2025. N1 ndi ya K80,000 pamwezi, kuyambira pa 1 Januwale. N2 ndi ya K60,000, ndipo wokhalamo analowa pa 5 Malichi. N3 ndi ya K120,000, kuyambira pa 15 Meyi. Onse amalipira mwezi ukamayamba, osati ukatha.

Funso loyamba ndi lakuti, masiku olipira akwana kangati kuchokera pamene munthu analowa? Yankho lili mu E, ndipo ndalama zonse zimene anayenera kukhala atapereka zili mu F.

```
E2: =DATEDIF(D2,TODAY(),"m")+1
F2: =C2*E2
```

TODAY() imatenga deti la lero pa foni kapena kompyuta, ndipo DATEDIF imawerenga miyezi yathunthu imene yadutsa pakati pa madeti awiri. Kwa N2, kuchokera pa 5 Malichi kufika pa 20 Juni yadutsa miyezi itatu yathunthu. Fomula ikuwonjezerapo umodzi chifukwa lendi yoyamba inafunika tsiku lomwe analowalo. Masiku olipira akwana anayi: 5 Malichi, 5 Epulo, 5 Meyi ndi 5 Juni. Kanayi K60,000 ndi K240,000. Kumene pangano ndi lolipira mwezi ukatha ndipo mu D mwalembedwa tsiku lolowa, +1 uja achotsedwe mu E, ndipo tsiku lotsatira lolipira liwerengedwe mwezi umodzi kutsogolo.

Kenaka pamabwera fomula imene imasenza ntchito yaikulu. Imapita ku tsamba la Malipiro, n'kusankha mizere yokhayo imene ili ndi nambala ya nyumba imeneyi, n'kuphatikiza ndalama zake. Zotsatira zikachotsedwa pa F, yotsalayo ndiyo ngongole.

```
G2: =SUMIFS(Malipiro!C:C,Malipiro!B:B,A2)
H2: =F2-G2
```

Wa ku N2 walipira kasanu. Pa 5 Malichi anapereka K60,000 yonse. Pa 9 Epulo anatumiza K40,000, n'kumaliza K20,000 pa 28 Epulo. Pa 15 Meyi anabweretsa K30,000, ndipo pa 12 Juni anatumiza K25,000. Zonse pamodzi ndi K175,000. Pa K240,000 yoyenera, yatsala K65,000.

M'kope lochonga miyezi, K25,000 ya pa 12 Juni ikanalembedwa pansi pa Juni, ndipo wochita lendiyo akanaona ngati wayambapo kale mwezi uno. Zoona zake n'zakuti ndalama ziwiri zomalizazo zangokwana K55,000, ndiye kuti ngakhale Meyi sanathe, kwatsala K5,000, ndipo Juni yense sanakhudzidwe.

Mafomula akalembedwa pa mzere wachiwiri, amangokoperedwa m'mizere ya pansi, ndipo 2 amasintha yekha kukhala 3, 4 ndi kupitirira. N1 yabweretsa K480,000 pa miyezi isanu ndi umodzi, ngongole ikuonetsa 0. Wa ku N3 analipiriratu miyezi itatu, K360,000, pamene masiku ake olipira akwana awiri okha. Mu H mukuoneka -120,000. Kamzere kakutsogoloko si vuto ayi, kakusonyeza kuti munthuyu ali patsogolo ndi mwezi umodzi.

Tsiku lolipira limene limayenda lokha

Kudziwa kuchuluka kwa ngongole n'kofunika, koma mwini nyumba amafunanso kudziwa kuti ndalama imene yalowayo yafikitsa munthu pati pa kalendala. Funso limeneli limayankhidwa ndi timabokosi tiwiri tomaliza.

```
I2: =EDATE(D2,INT(G2/C2))
J2: =IF(H2>0,TODAY()-I2,0)
```

Fomula ya mu I imagawa ndalama zonse zolipidwa ndi lendi ya pamwezi. Kwa N2, 175,000 kugawa ndi 60,000 kumapereka 2 ndi zotsalira, ndipo INT imataya zotsalirazo n'kusunga miyezi iwiri imene yalipidwa yathunthu. EDATE imatenga tsiku loyamba lija n'kulisunthira kutsogolo ndi miyezi iwiriyo, kuchoka pa 5 Malichi kufika pa 5 Meyi. Limeneli ndilo tsiku la lendi yakale kwambiri imene sinamalizidwe. J imawerenga masiku kuchokera pamenepo kufika lero, ndipo ikupeza 46.

Kabokosi komweko ka I kamalankhula ziwiri. Deti likakhala la m'mbuyo, munthu wachedwa. Likakhala la m'tsogolo, ndilo tsiku limene ndalama ina ikuyembekezeka: kwa N1 ndi pa 1 Julayi, kwa N3 ndi pa 15 Ogasiti. Mayi uja akafuna kudziwa ngati angakwanitse kulipira fizi ya mwana kumayambiriro kwa Julayi, angoyang'ana mzere umenewu n'kuona kuti ya N1 ikubwera koma ya N3 asaiwerengere.

Nthawi zina mu I mumatuluka nambala yachilendo ngati 45782 m'malo mwa deti. Fomula sinalakwe. Mapulogalamuwa amasunga deti lililonse ngati nambala ya masiku, kotero kuti 1 Januwale 2025 ndi 45658, ndipo 45782 ndi 5 Meyi yemweyo. Chofunika ndi kungouza kabokosiko kuti kaonetse deti, zimene mu Google Sheets zili pa Format, Number, Date. Kusunga madeti ngati manambala ndi kumene kumachititsa kuti kuchotsera deti pa deti linzake kupereke masiku.

Kuti ochedwa aonekere patali, mzere wawo ukhoza kufiira wokha. Mu Google Sheets munthu amasankha mizere ya nyumba zonse, n'kulowa pa Format, Conditional formatting, n'kusankha Custom formula is, kenaka n'kulemba izi:

```
=$J2>7
```

Nambala 7 ndi masiku amene mwini nyumba walola kuti munthu achedwe asanakumbutsidwe. Wina akhoza kuikapo 3, wina 10, malinga ndi pangano lake.

Zimene zimaononga mawerengedwe

Zolakwika zambiri sizichokera ku mafomula koma ku zala. Choyamba ndi kulemba K patsogolo pa ndalama. Munthu akalemba K40,000 m'kabokosi, pulogalamu imaona mawu, osati nambala, ndipo SUMIFS imangoulumpha mzerewo osadandaula chilichonse. Wochita lendi amaoneka ngati sanalipire pamene analipira. Chizindikiro chake chimaoneka ndi maso: manambala amatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu amatsamira kumanzere. Ndalama ilembedwe 40000 basi.

Chachiwiri ndi nambala ya nyumba. N2 yokhala ndi kampata kumapeto, kamene kiyibodi ya foni imakonda kuika yokha, si N2 kwa kompyuta. Mankhwala ake ndi kusalemba nambalayo ndi dzanja. Pa Data, Data validation, mzere B wa Malipiro umalumikizidwa ndi mndandanda wa nyumba wa mu A pa tsamba la Nyumba, ndipo kuyambira pamenepo munthu amangosankha pa zimene zatuluka.

Chachitatu ndi madeti. Fayilo imene yatsatira kalembedwe ka ku America imawerenga 05/03/2025 ngati 3 Meyi, pamene mwini wake amatanthauza 5 Malichi. Deti limeneli likakhala mu D, miyezi iwiri ya lendi imasowa osadziwika kumene yalowera. Mu Google Sheets izi zimakonzedwa pa File, Settings, posankha United Kingdom pa Locale, ndipo zichitike madeti asanayambe kulembedwa. Njira ina yosasokoneza ndi kulemba chaka poyamba, 2025-03-05.

Palinso nkhani ya masiku a kumapeto kwa mwezi. Munthu akalowa pa 31 Januwale, EDATE imaika tsiku lake lotsatira pa 28 Febuluwale, koma DATEDIF siiwerenga kuti mwezi wakwana pa tsikulo, ndipo timabokosi tiwiriti timayamba kutsutsana. N'kwabwino kugwirizana tsiku lolipira la pakati pa 1 ndi 28. Ndipo nyumba imene wokhalamo sanalowe, deti lake lili m'tsogolo, imaonetsa #NUM! mu E mpaka tsikulo lifike.

Timabokosi tiwiri toyang'anira, toikidwa pambali pa tsamba la Nyumba, timagwira zolakwika ziwiri zoyambazo.

```
=SUM(Malipiro!C:C)-SUM(G:G)
=COUNTA(Malipiro!C:C)-COUNT(Malipiro!C:C)
```

Koyambako kayenera kuonetsa 0 nthawi zonse. Kakaonetsa 25000, ndiye kuti pali K25,000 imene inalowa koma sinapeze nyumba yake, ndipo vuto lili pa nambala ya nyumba. Kachiwiri kayenera kuonetsa 1, amene ndi mutu wa mzerewo. Kakafika pa 2, pali ndalama imene inalembedwa ngati mawu.

Lendi ikakwera, munthu akasamuka

Msampha waukulu wa kaundula wotere ndi kukweza lendi. Mayi uja akaganiza zokweza N2 kufika pa K70,000, n'kungosintha nambala ya mu C, fomula idzachulukitsa K70,000 ndi miyezi yonse inayi ya m'mbuyo. Ngongole idzalumpha kuchoka pa K65,000 kufika pa K105,000, ndipo K40,000 ya pamwambayo munthu sanaikongole n'komwe. Mkangano wotere ukhoza kudanitsa anthu amene akhala bwino kwa zaka.

Njira yoyenera ndi kutseka mzere wakale n'kutsegula watsopano. Ngati lendi yatsopano ikuyamba pa 5 Julayi, fomula ya mu E ya N2 ifufutidwe n'kulembamo 4, kuti miyezi ya mtengo wakale isapitirirenso kuwerengedwa. Pansi pake patsegulidwe mzere wa N2B, wa K70,000, kuyambira pa 5 Julayi. Ndalama zolowa ziyambe zalembedwa pa N2 mpaka K65,000 ija ithe, kenaka zipite ku N2B. Ndalama imodzi ikakhala yomaliza ngongole yakale n'kutsalako, igawidwe pa mizere iwiri ya nambala imodzi ya lisiti.

Zomwezo zimachitika munthu akasamuka. Mzere wake utsekedwe ndi nambala ya miyezi imene anakhalamo, ndipo wolowa kumene apatsidwe mzere wake. Kulemba dzina latsopano pa mzere wakale kumasenzetsa mlendo ngongole ya mnzake, kapena kumupatsa malipiro amene si ake.

Dipoziti isalowe pa tsamba la Malipiro. Ndi ndalama yongosunga, yodzabwezedwa munthu akasiya nyumba ili bwino, ndipo ikasakanikirana ndi lendi imabisa ngongole ya mwezi wathunthu. Malo ake ndi mzere wapadera kumapeto kwa tsamba la Nyumba, umene palibe fomula imene ikuukhudza. Bilu ya madzi ya mpopi umodzi wogawana pa puloti, kaya ndi ya Lilongwe Water Board kapena Blantyre Water Board, nayonso ikhale ndi tsamba lakelake chifukwa imasintha mwezi ndi mwezi.

Zosiyana ndi izi ndi pamene wochita lendi wagula loko kapena malata awiri, n'kugwirizana ndi mwini nyumba kuti achotsere pa lendi. Ngakhale palibe ndalama imene yadutsa m'manja, mtengowo ulembedwe ngati malipiro, ndipo pa njira palembedwe kuti "kukonza". Popanda mzere umenewu, K15,000 ya loko idzakhala ikuoneka ngati ngongole mpaka munthuyo adzasamuke.

Pamene sipuredishiti imalekezera

Kaundulayu amadziwa zokhazo zimene wauzidwa. Ndalama imene inasiyidwa kwa mwana n'kuiwalika kulemba, kwa iye sinalowe. N'chifukwa chake mzere uyenera kulembedwa tsiku lomwelo, uthenga wa pa foni usanakwiririke ndi mauthenga ena, ndipo wolipira pamanja apatsidwe lisiti ya m'buku la kaboni, nambala yake n'kuikidwa mu E. Sipuredishiti payokha si umboni wamphamvu, popeza mwini wake akhoza kusintha nambala nthawi ina iliyonse. Nkhani ikafika kwa amfumu a mderalo kapena ku khoti, chimene chimalankhula ndi lisiti, uthenga wa malipiro ndi pangano lolembedwa. Ntchito ya kaundula ndi kuloza msanga kumene umboniwo uli.

Ambiri amene ali ndi nyumba kumudzi kwawo koma akugwira ntchito ku Joni kapena ku Mangalande amadalira mbale kuti azitolera lendi. Google Sheets imalola anthu awiri kuona fayilo imodzi. Wotolera apatsidwe chilolezo cha Editor, ena ongofuna kuona akhale Viewer, ndipo pa Version history pamaoneka amene anasintha chinthu ndi nthawi imene anasintha. Tsamba la Nyumba likhoza kutetezedwa pa Data, Protect sheets and ranges, kuti wotolera azingolemba malipiro osakhudza mafomula. Fayilo yonse isatumizidwe kwa ochita lendi, chifukwa muli mayina ndi ngongole za anzawo. Amene akufuna kuona zake asankhiridwe mizere ya nyumba yake yokha ndi Filter, n'kumujambulira chithunzi.

Kumapeto kwa mwezi uliwonse pamafunika mphindi zochepa zofananitsa. Mwini nyumba amatsegula mauthenga a Airtel Money ndi Mpamba, sitetimenti ya banki ndi buku la malisiti, n'kuona ngati ndalama iliyonse ili ndi mzere wake pa Malipiro. Kenaka amayang'ana timabokosi tiwiri toyang'anira kuti tikuonetsa 0 ndi 1. Zikagwirizana, uthenga wopita kwa wa ku N2 sufunanso mawu okuluwika. Umangoti: "Zikomo bambo, K25,000 ya pa 12 Juni ndalandira. Pa lendi ya Meyi kwatsala K5,000, ya Juni ndi K60,000, zonse pamodzi K65,000. Chonde mundiuze tsiku limene mungathe kumaliza."